Dzina Linatsalira pa Milomo

Mumsewu monse ankadziwika kuti a M'manja, ndipo dzinali analipeza pantchito. Anali ojambula mavidiyo a maukwati, a maliro, a makwaya ndi a ana otsiriza sukulu. Asanayambe kujambula chilichonse ankaima kutsogolo kwa kamera, n'kuwomba m'manja kamodzi kokha, phaa! Kaya ndi m'tchalitchi abusa atatsegula kale buku, kaya ndi pamaliro anthu ali khuma, iwo kuwombako sankakusiya. Mayi wina wamasiye anawayang'anapo ndi diso loti likanakhala mpeni bwenzi pano tikusimba zina.

Sikuti anali ozerezeka, ayi. Maikolofoni ya pakamera imatola zonse: mphepo, ana olira, galimoto zodutsa, koma mawu a munthu amene ukumufunayo imawasiya kutali. Ndiye iwo mawu ankajambulira pa karekoda kapadera, kokhala ndi kamaikolofoni komata pakolala ya wolankhulayo. Zida zikakhala ziwiri, chilichonse chimayatsidwa pa nthawi yake, ndipo pokazilumikiza pakompyuta pamafunika malo amodzi oti diso ndi khutu zigwirizane. Pamene zikhatho zakumana pachithunzi, pomwepo ndiye payenera kumveka phaa uja. Moyo wawo wonse anawombera m'manja mavidiyo a anthu. Vidiyo imodzi yokha ndi imene sanaiwombere, ndipo inali ya akazi awo.

Kashopu kawo kanali pakati pa telala ndi wometa tsitsi, kachipinda koti anthu atatu akalowa wachinayi aime pakhomo. Munali tebulo, kompyuta, fani yolira ngati ikudandaula, ndi nsalu yakuda pawindo yotchinga dzuwa kuti lisawale pasikirini. Anayamba kalekale, nthawi ya makamera akuluakulu onyamula paphewa aja, moti mpaka ukalamba wawo phewa lakumanja linali lotsikirako pang'ono. Wometa uja ankakonda kuwaseka kuti akuyenda ngati akumvetsera miseche ya pansi.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Munthu akabwera ndi vidiyo yoti milomo ikuyenda kwina mawu kwina, iwo ankaonera poyambira, pakati ndi kumapeto, kenako n'kugamula.

"Kuchedwa kulipo kuwiri," ankatero. "Kwina kumanka nikukula, poyamba pang'ono, kumapeto munthu wachoka kale pa maikolofoni mawu ake akubwerabe. Kumeneko n'kwa thukuta. Koma kukakhala kofanana kuyambira poyamba mpaka kumapeto, si matenda amenewo. Ungogwira mawu onsewo, n'kuwakokera m'mbuyo mpaka akhale pamalo pake. Tiyi asanazizire ndatha."

Mawu akuti tiyi asanazizire amenewa ndi amene anadzawapweteka.

Kunyumba anali ndi mkazi wawo ndi mwana mmodzi, wamkazi. Mayiwo ankaluka majuzi a ana asukulu, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa kuposa zolukira zawozo. Tauni yonse inali m'makaseti ndi m'makhadi a amuna awo, koma pakhomo pawo panalibe ngakhale kavidiyo ka mwana akuphunzira kuyenda. Loweruka lililonse bambo ali ku ukwati wa eni. Tsiku la ukwati wa mwana wawo yemwe kamera anagwira ndi munthu wina, ndipo a M'manja anakhala tsiku lonse nkhope ili ndwii poona mmene mnzawoyo ankaimikira kamera moyang'ana dzuwa.

"Mwajambula amoyo ndi akufa omwe," mayi ankatero uku akuwerenga maso a juzi. "Ine mukudikira ndilowe kaye m'bokosi kuti ndidzaoneke bwino?"

"Inu muli pompano, amayi. Mukupita kuti?"

Anali asakupita kulikonse, mpaka chaka chimene matenda anawagwira. Anayamba kuonda, zolukira zinayamba kulemera, ndipo ulendo wa kuchipatala unasanduka wa sabata ndi sabata. Madokotala analankhula motsitsa mawu, mayiwo anamva. Masana ena a M'manja atabwera kudzatenga mabatire, anawapeza atavala diresi yawo yabuluu, atamanga duku latsopano, atakhala pampando wa pawindo, kapu ya tiyi ili pa katebulo.

"Lero mundijambula," anatero. "Ndikufuna kumusiyira mwanayu mawu. Mdzukulu wanga sindidzamuona, koma dzina ndiye ndimupatsa ndine."

Mwana wawoyo nthawi imeneyo anali asanaime n'komwe. A M'manja anafuna kutsutsa, kuti musamalankhule choncho, muchira, koma atayang'ana manja a mkazi wawo anangomeza mawuwo. Chinanso, ndipo ichi tisachibise, anali pa changu. Kunali banja lina lowadikira kuti akaone holo ya ukwati wa Loweruka. Anaimika kamera pa miyendo yake, anamata kamaikolofoni pa diresi yabuluu ija, anayatsa karekoda n'kukaika pamiyendo pa mayiwo. Kenako anayenda kupita kumene kunali kamera, akulankhula zina, n'kuiyatsa. Foni inalira m'thumba. Anakodola mkazi wawo kuti yambani, iwo n'kutuluka panja kukayankha. Kuwomba m'manja sanawombe. Kunyumba kwako n'kuwomberanso m'manja?

Foni ija inatalika. Mwini ukwati ankafuna adziwe ngati kamera idzaone mbali zonse za keke. Pamene a M'manja amabwerera m'nyumba, anapeza mkazi wawo akulankhulabe, akuseka, akuloza chala ku kamera imene kanyali kake kofiira kanali katazima. Khadi ya m'kamera inali itadzaza, poti munali ukwati wa sabata yapitayo umene anali asanauchotse.

"Yazima liti?" anafunsa mayi.

Anabweza pang'ono n'kuonera pa kagalasi ka kamera, popanda mawu. "Yazima posachedwapa. Dzina munali mutanena?"

"Ndanena. Zotsalazo ndimangokunenani inu miseche."

"Ndiye dzina lake ndani?"

"Mudzamva tsiku lake. Mukanafuna kumva lero bwenzi mutakhala pansi."

Anaseka onse awiri. Iwo anafunsanso tsiku lina, mayi anakana. Sanafunsenso kachitatu, poti ankadziwa kuti dzinalo lili m'karekoda.

Mawa lake kushopu anatsitsira zonse pakompyuta, pakati pa ntchito ziwiri za makasitomala. Anaika zithunzi pa mzere wapamwamba, mawu pa mzere wapansi, zonse kuyambira pa chiyambi chimodzi. Koma karekoda kanayatsidwa kamera isanayatsidwe, ndiye kumayambiriro kwa mawuwo kunali kachidutswa kowonjezera, ka nthawi imene iwo ankayenda kuchoka pampando kukafika pakamera. Kachidutswako kanakankhira mawu onse kutsogolo. Anataya diso kamodzi, anaona milomo ikutsogola mawu akutsatira m'mbuyo, ndipo anati mumtima: aka n'kakang'ono, ndidzakonza ndikapeza mpata. Mayi ankafuna vidiyoyo tsiku lomwelo kuti aipereke okha kwa mwana wawo. A M'manja anaika chizindikiro chothera pamene zithunzi zinathera, monga ankachitira nthawi zonse kuti kasitomala asamaone mdima kumapeto, anatulutsa vidiyoyo, n'kuiika mu fulashi. Sanaionere. Mtima sunawalole kuona nkhope yoondayo pasikirini.

Lachisanu anafufuta makhadi onse, ya kamera ndi ya karekoda, kukonzekera ukwati wa keke uja. Ndi mmene ankachitira sabata iliyonse, manja ankangochita okha. Patapita miyezi kompyuta inadzaza, iwo anasesa mafoda akale osatsegula n'komwe. Ukwati wa kekewo, ngati mukufuna kudziwa, unatha chaka chisanathe.

Mayi anamwalira mvula isanayambe. Fulashi ija anali ataipereka kwa mwana wawo, ataikulunga m'kasokosi koluka okha, ndi lamulo lakuti asaitsegule mpaka atanyamula khanda m'manja. Mwanayo anamvera. A M'manja anapitiriza kujambula maukwati a eni, akuwomba m'manja m'matchalitchi, akubwerera kunyumba yopanda wowaseka. Nthawi zina ankakumbukira kuti pali kavidiyo kofunika kukokera mawu, koma ankati fulashi ili m'manja abwino, tsiku lake likadzafika ndi ntchito ya tiyi asanazizire.

Zinapita zaka zingapo tsikulo lisanafike. Mwana wawo anavutika kuti aime, anayenda m'zipatala, analira, kenako Mulungu anamukumbukira ndipo anabereka mwana wamkazi. Sabata isanathe anatulukira kushopu m'mawa, akuyenda pang'onopang'ono, khanda lili m'shawelo. Telala anasiya makina kudzasuzumira, wometa anabwera ndi lumo m'manja. Onse anafunsa funso limodzi, lakuti dzina ndani.

"Dzina lili umu," anatero mayi wa khandalo, akutulutsa kasokosi kaja. Atalowa anakhala pa mpando wa makasitomala. "Bambo, taonera dzulo. Mawu akuchedwa. Amayi akutsegula pakamwa, mawu akubwera iwo atatseka kale. Ndiye kumapeto akuti, 'Tsono dzina la mwanayo,' basi vidiyo yatha. Bambo ake a mwanayu akuti n'zosavuta, inu mungowakokera mawuwo, dzinalo lifika."

A M'manja anayang'ana kasokosi kaja. Zaka zonsezi ankaganiza za kuchedwa kwa mawu, koma sanaganizepo ngakhale kamodzi za kumene mawu ochedwawo anakathera. Mawu akakankhidwira kutsogolo, mchira wake umapitirira zithunzi. Iwo anadulira pamene zithunzi zinathera.

"Tione," anatero.

Analowetsa fulashi. Chiyembekezo chinalipo chimodzi, chochepa: nthawi zina m'fayilo mawu amakhala ataliatali kuposa zithunzi, TV n'kungoimira panjira. Anakokera vidiyoyo mu pulogalamu yawo. Mizere iwiri inatuluka, wa zithunzi pamwamba, wa mawu pansi. Anathamangira kumapeto. Mizere yonse iwiri inathera pamodzi, yodulidwa mofanana ngati nsalu ya telala. Mwana wawo anali akuyang'ana khanda lake, sanaone kanthu. Iwo anachita mantha, ndipo anayamba ntchito monga ngati ntchitoyo ingabweze zimene palibe.

Poyamba anakopera fayiloyo pambali, chinthu chimene akanachita kalelo. Kenako analekanitsa mawu ndi zithunzi kuti mzere uliwonse uziyenda pawokha. Chinatsala n'kupeza polumikizira. Popanda phaa, munthu amasaka chitseko chomenyetsedwa, kapu yogunda tebulo, kapena milomo ikamatsekeka ponena "mwana" kaya "bambo". Anavala mahedifoni khutu limodzi, anakweza sipika kuti mwana wawo azimva, n'kuyamba kuonera vidiyo imene anali asanaionerepo.

Pasikirini panatuluka mkazi wawo, diresi yabuluu, duku latsopano. Anayang'ana kukhomo kumene amuna awo anatulukira, anapukusa mutu, milomo inayenda. Kenako anakweza manja oonda aja patsogolo pa nkhope, n'kuwawombetsa kamodzi. Mawu anabwera pambuyo, manja atabwerera kale pamiyendo.

"Aiwala kuwomba m'manja bambo akowa. Ndiwawombere ine, angadzavutike." Phaa!

Mwana wawo anaseka, misozi ili m'maso. A M'manja anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zaka zonse zija ankaganiza kuti mayiwo ntchito yawoyi ankangoiseka. Kani ankaidziwa mpaka chifukwa chake.

Pa mzere wa mawu, pakati pa timapiri ting'onoting'ono ta kulankhula, panali kamodzi kosongoka kataliko. Anaikapo chizindikiro. Pa mzere wa zithunzi anayendetsa chithunzi chimodzichimodzi mpaka pamene zikhatho zinakhudzana, n'kuikaponso chizindikiro. Mpata wa pakati pa ziwirizo unali wa masekondi ochepa, ulendo wa munthu kuchoka pawindo kukafika pakamera. Sanathamangire kukoka. Anapita pakati pa vidiyo, pamene mayi anamwa tiyi n'kugunditsa kapu patebulo, anayeza: mpata womwewo. Anapita cha kumapeto, pamene milomo inatsekeka ponena "mwana wanga", anayeza: womwewonso. Kunali kuchedwa kwabwino kuja, kosavuta, kumene iwo ankati si matenda.

Anasunthira zonse pakati kuti kumanzere kukhale malo, anagwira mzere wa mawu ndi mausi, n'kuukokera kumanzere mpaka kaphiri kosongoka kanakhala pansi pa zikhatho. Anasuntha pang'ono ndi batani, chithunzi chimodzi uku, chimodzi uko. Ntchito yonse inali yomweyo. Tiyi akanakhalapo akanamwedwa wotentha.

Atayambitsanso, mayi anakhala ngati alowa m'chipindamo. Chifuwa chinamveka pamene anatsokomola, kuseka kunatuluka pamene mapewa anagwedezeka. Anauza mwana wawo kuti asamaope kusambitsa khanda, silisweka. Anamuuza kumene anasunga majuzi ang'onoang'ono amene analuka mobisa. Anamuuza kuti aziwakakamiza bambo ake kudya asanapite ku maukwati awo. Mwanayo ankayankha motsitsa, "Eya, amayi," khanda likuyamwa. Telala ndi wometa anali atabwerera mwakachetechete ku ntchito zawo.

Kenako mayi anakhala tsonga, anakonza duku.

"Tsono dzina la mwanayo..."

Sipika inangoti zii. Milomo inapitiriza kuyenda. Inanena mawu angapo, inaima, kenako inanena liwu limodzi pang'onopang'ono, maso akuwala. Mayi anamwetulira, ndipo chithunzi chinatha.

"Bwezani," anatero mwana wawo. "Kwezani voliyumu."

Anabweza, anakweza mpaka kumapeto. Fani yokha ndi imene inamveka. Pansi pa zithunzi zomalizazo mzere wa mawu unali utatha, panali malo opanda kanthu, ndipo malowo ankaoneka ndi maso a aliyense.

"Mawuwo ali kuti, bambo?"

"Palibe, mwana wanga. Ndinawadula ndine. Mawu atachedwa, omalizirawo anagwera kunja kwa zithunzi, ine n'kudulira pamene zithunzi zinathera."

"Nanga karekoda kaja?"

"Ndinafufuta sabata yomweyo."

Mwanayo anakonza shawelo ya khanda. Sanakalipe, ndipo iwo akanakonda akanakalipa.

"Koma inu munalipo. Simunamve?"

"Ndinali panja. Ndinali pa foni."

Anayesa kuwerenga milomo. Anakulitsa nkhope mpaka inadzaza sikirini, anayendetsa chithunzi chimodzichimodzi. Milomo inayamba yotseka, inatseguka, inazungulira pang'ono kumapeto. Mwanayo anatchula dzina la agogo ake, linakwanira. Anatchula la mnzawo wa mayi ake wa kuubwana, linakwaniranso. A M'manja anatchula lina limene anakambiranapo ndi akazi awo kalekale, mayiwo ali ndi pakati pa iyeyo, nalonso linakhala bwinobwino pamilomopo. Pakamwa pa munthu mayina ambiri amaoneka mofanana. Anabweza mpaka khanda linagona n'kudzukanso.

"Basi, bambo," anatero mwanayo. "Mukuwatopetsa amayi."

Panatsala chinthu chimodzi. Mawu atakokedwa, kumayambiriro kunatulukira kachidutswa kopanda zithunzi, kaja kanajambulidwa kamera isanayatsidwe. Kutalika kwake kunali kofanana ndendende ndi kwa malo opanda mawu a kumapeto aja. Poonera paja mtima unali pa nkhope ya mayi, sanakalabadire. Mwa chizolowezi, asanakadule anakamvetsera. Kunamveka nsalu ikukhuzana ndi maikolofoni, nsapato zikuyenda pasimenti, kenako mawu awo omwe, omveka bwino, opanda phokoso lililonse.

"Musatalikitse, amayi. Pali anthu akundidikira."

Amenewo ndiwo mawu amene anasungika m'malo mwa dzina. A M'manja anavula hedifoni, anaiika patebulo, ndipo analira pamaso pa mwana wawo, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku la maliro, poti tsiku limenelo ankangoyang'anitsitsa wojambula.

"Kumapetoko nditani?" anafunsa atapukuta nkhope. "Ndingathe kudula, kapena kuikapo kanyimbo."

"Musadulenso kanthu. Siyani choncho. Akadzakula adzaone yekha agogo ake akumutchula."

Anatulutsa vidiyoyo, mawu ndi milomo zikuyendera limodzi, mchira wake wopanda mawu uli pomwepo. Ulendo uno anaionera yonse mpaka kumapeto asanaipereke. Kachidutswa ka mawu awo kaja anakachotsa m'vidiyo ya mwanayo, koma sanakafufute. Kali pakompyuta mpaka lero, pakona ya sikirini, pamalo poti akayatsa m'mawa amakaona.

Khandalo analipatsa dzina makolo ake, dzina labwino ndithu, loyamba ndi milomo yotseka. Mwina ndi lomwelo, palibe akudziwa. Panopa ndi kamtsikana kothamanga, ndipo Loweruka, tsiku limene a M'manja anasiya kulandira maukwati, kamabwera kunyumba kwa agogo ake kudzasokoneza. Amakajambula kakudya, kakugwa, kakulira, ndipo asanayambe amakauza kuti kawombe m'manja. Kamawomba kakuseka. Akamakaitana amati "amayi", kapena "iwe", kapena amangokodola ndi dzanja. Mayi ake anawafunsapo chifukwa chake samakatchula dzina.

"Ndimaopa," anatero. "Ndingamamutchule lina, iwo atanena lina."